Vidiyo yoimirira kapena yogona? Mafunso ndi mayankho pa kajambulidwe kokwana ponse pawiri

Awa ndi mafunso amene ojambula mavidiyo amafunsa kawirikawiri akauzidwa kuti vidiyo imodzi ikufunika pa YouTube, yomweyonso ikufunika pa TikTok. Oyambirirawo ndi osavuta. Akutsogolo akudalira masamu a mu funso lachitatu, choncho limenelo musalidumphe.

1. Kodi manambala ngati 16:9 ndi 9:16 amatanthauza chiyani?

Amafotokoza maonekedwe a fulemu, osati kukula kwake. Nambala yoyamba ndi ya mbali yopingasa, yachiwiri ndi ya mbali yochoka pansi kupita m'mwamba. Fulemu ya 16:9 ndi yogona: mukapingasa magawo 16, mumakwera magawo 9. Ndiyo ya wailesi yakanema yamakono, ya YouTube ndi ya makompyuta ambiri. Fulemu ya 9:16 ndi yomweyo koma itaimitsidwa, ndipo ndi imene imadzaza foni pa TikTok, Instagram Reels ndi YouTube Shorts.

Tikawerenga mapikiselo, yogona yodziwika kwambiri ndi 1920 x 1080, ndipo imene pa kamera imalembedwa kuti 4K kapena UHD ndi 3840 x 2160. Yoimirira imatumizidwa pa 1080 x 1920. Pakatikati pali zina ziwiri zimene mudzakumana nazo: 1:1, yofanana mbali zonse, ya 1080 x 1080, ndi 4:5, ya 1080 x 1350, yoimirira pang'ono.

2. Ndiye ndisankhe iti?

Funsani kaye kuti anthu ambiri akaionera pa chiyani, ndipo akaigwira bwanji foniyo. Munthu amene akupalasa sikirini ndi chala, kudutsa mavidiyo ambirimbiri, sangatembenuze foni chifukwa cha vidiyo yanu. Iye mpatseni 9:16. Munthu amene wakhala pansi kuti aonere phunziro la mphindi 20 pa kompyuta kapena pa kanema, mpatseni 16:9.

Kenako onani chimene mukujambulacho. Munthu mmodzi woimirira, nyumba yosanja, mtengo, botolo, zonsezi n'zoimirira mwachibadwa. Gulu la oimba, bwalo la mpira, galimoto ndi anthu awiri okambirana n'zopingasa. Ngati mayankho awiriwa akugwirizana, jambulani fulemu imeneyo basi, musadzipatse ntchito ina. Mafunso otsalawa ndi a munthu amene akufunikadi zonse ziwiri koma chinthucho chichitika kamodzi kokha.

3. Ndikadula vidiyo yogona kuti ikhale yoimirira, ndimataya zochuluka bwanji?

Zochuluka kuposa mmene anthu amaganizira. Ambiri amati mwina theka. Tiyeni tiwerenge.

Podula, msinkhu wa chithunzi mumausunga wonse, n'kuchotsa za m'mbali. Kuti chotsalacho chikhale 9:16, kupingasa kwake kuyenera kukhala msinkhu kuchulukitsa ndi 9 n'kugawa ndi 16. Pa vidiyo ya 1920 x 1080, ndiye kuti 1080 x 9 ÷ 16, zimene zimatipatsa mapikiselo pafupifupi 608. Mwa mapikiselo 1920 opingasa mwatsala ndi 608 okha, omwe ndi 31.6 peresenti. Zoposa magawo awiri mwa atatu a chithunzi zapita.

Chiwerengero chimenechi sichisintha, kaya mwajambula pa 1080 kapena pa 4K. Chigawo choimirira nthawi zonse chimachepera pang'ono pa gawo limodzi mwa magawo atatu a fulemu yogona. Chilichonse chimene oonera pa foni ayenera kuona, nkhope, manja, chinthu chimene munthu wanyamula, chikwane m'kachigawo kameneko.

Mafulemu apakati aja ndi achifundo. Wa 1:1 umasunga pafupifupi 56 peresenti ya kupingasa, wa 4:5 umasunga 45 peresenti. Ngati chithunzi chanu chapulumuka pa 9:16, pa awiriwa chipulumuka popanda vuto.

4. N'chifukwa chiyani vidiyo yanga imaoneka mwachimbuuzi ndikaidula?

Chifukwa mapikiselo otsalawo ndi ochepa. Chigawo chodulidwa ku vidiyo ya 1080 ndi cha 608 x 1080, koma chikufunika kudzaza 1080 x 1920. Pulogalamu imachikoka pafupifupi ka 1.78 mbali iliyonse, ndipo mapikiselo owonjezerawo imangowapeka. Mudzazindikira vutoli poyang'ana tsitsi, nsidze ndi zilembo za pa chovala: m'mphepete mwake mumafewa ngati mwapakidwa mafuta. Ngati munajambula pa malo amdima, timadontho ta mdima tija timakulanso limodzi ndi chithunzicho. Kenako malo amene mwatumizako amaipanikizanso vidiyoyo, n'kuiwonongeratu.

Pa 4K nkhani imasintha. Chigawo chake ndi 2160 x 9 ÷ 16, kutanthauza 1215 x 2160, chomwe n'chachikulu kuposa 1080 x 1920. M'malo mokokedwa chimachepetsedwa, ndipo mumatsala ndi mpata woti mungayandikize chithunzi ndi 12.5 peresenti osataya kanthu. Mpatawo ndi wochepa, koma umakwana kuwongola fulemu yopendekera pang'ono.

Choncho ngati mukudziwa kuti mudzadula, ikani kamera pa 4K musanayambe. Mafayilo adzakula, foni ikhoza kutentha, koma palibe njira ina yopezera mapikiselo amene simunajambule.

5. Pojambula ndingaone bwanji pamene chigawo choimirira chikuthera?

Njira yosalira ndalama ili kale m'foni yanu. Mu zosankha za kamera yatsani `Grid`, mizere ija imene imagawa sikirini patatu chopingasa ndi patatu chokwera. Mukagoneka foni, danga lapakati pa mizere iwiri yoimirira ndi 33.3 peresenti ya kupingasa, pamene chigawo chathu ndi 31.6. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Ingosungani zofunika mkati mwa mizereyo, osaigunda.

Makamera ambiri a vidiyo ndi timasikirini toika pamwamba pa kamera ali ndi mizere yosonyeza mafulemu, ndipo ena ali ndi wa 9:16. Ngati yanu ilibe, yezani kupingasa kwa chithunzi pa sikirini ndi rula, chulukitsani ndi 0.316, mumate timizere tiwiri ta tepi ya pepala motalikirana choncho. Yezani chithunzi chenichenicho, osati galasi lonse, chifukwa masikirini ambiri a makamera ali ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi mukamajambula vidiyo.

6. Mungapereke chitsanzo chenicheni? Ndikufuna kujambula munthu mmodzi atakhala pampando akulankhula.

Yambirani ku fulemu yopapatizayo, chifukwa ndi imene imavuta, kenako muwerenge chobwerera.

Mapewa a munthu wamkulu amapingasa masentimita pafupifupi 45. Koma munthu akamalankhula sakhala phee: amagwedeza manja, amatsamira uku ndi uku. Mumpatse masentimita 70 kuti zigongono ndi manja zisamatuluke. Ngati chigawo choimirira chikupingasa masentimita 70, msinkhu wake ndi 70 x 16 ÷ 9, pafupifupi masentimita 124. Msinkhu umenewu ndi wa fulemu yogonanso, ndiye kupingasa kwa yogonayo ndi 124 x 16 ÷ 9, pafupifupi masentimita 221. Mwachidule, pamalo pamene pakhala munthuyo, kamera iyenera kuona danga la mamita 2.2 chopingasa ndi mamita 1.24 chokwera. Kwa munthu wokhala pampando, ndiye kuti kuchokera pamwamba pa mutu mpaka cha m'mawondo.

Kuti mupeze danga limeneli muyenera kubwerera m'mbuyo kuposa mmene munazolowerera. Pa kamera imene sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi, ndi yopingasa mamilimita 36, lenzi ya mamilimita 35 iime pa mtunda wa mamita pafupifupi 2.2, ndipo ya mamilimita 50 iime pa mamita atatu ndi pang'ono. Pa foni, lenzi yaikulu imaona motambalala, choncho yambirani pa mamita 1.7 n'kumasuntha. Simufunika kukhulupirira masamu okha. Uzani munthuyo aike manja mmene amaikira akamafotokoza chinthu chachikulu, muone ngati ali mkati mwa mizere ya mu funso lachisanu.

Pamenepa ambiri amakhumudwa. Akayang'ana fulemu yogonayo amaona munthu wamng'ono pakati, khoma lambiri uku ndi uku, n'kuyamba kuyandikira. Musayandikire. Fulemu imene mukuionayo si imene oonera adzaione. Ngati vidiyo yogona mudzaitumiza pa 1920 x 1080, mungathe kuyandikiza chithunzi cha 4K mpaka kawiri osataya mapikiselo. Kuyandikiza kawiri kumakupatsani danga la masentimita 110 x 62, kuyambira pachifuwa kupita kumutu, lomwe ndi fulemu yabwino ya munthu wolankhula. Ndiye kuti mavidiyo onse awiri amadulidwa kuchokera ku chimene mwajambula, ndipo chojambulidwacho chiyenera kukhala chotakasuka kuposa onse awiri. Mumapezanso phindu lina: mu vidiyo yogona mutha kusinthasintha pakati pa chithunzi chapatali ndi chapafupi ngati munali ndi makamera awiri, n'kubisa pamene mwadula mawu.

Kubwerera m'mbuyoku kuli ndi mtengo wake. Maikolofoni ya pa kamera tsopano ili kutali, imva chipinda kuposa munthu. Gwiritsani ntchito kamaikolofoni komata pa chovala. Nyali ndi miyendo yake ziyenera kutuluka m'danga la mamita 2.2 lija, ndiye kuwala kwake kuchepa pa nkhope. Kumbuyo kwa munthu kuonekanso kwambiri, choncho chotsani zingwe ndi zinthu zongoti mbwee musanayambe. Ndipo onetsetsani kuti maso ali akuthwa pa chithunzi: kulakwitsa pang'ono kumene sikuoneka pa kasikirini ka kamera kudzaoneka bwinobwino mukayandikiza kawiri.

7. Nanga mabatani ndi mawu amene TikTok ndi Reels amaika pamwamba pa vidiyo?

Amenewo amachepetsanso malo anu. Pamwamba pamakhala mayina a masamba, pansi pamakhala dzina la mwini vidiyo, mawu ofotokoza ndi dzina la nyimbo, ndipo kudzanja lamanja kumakhala mzere wa mabatani. Malangizo amene Meta, kampani ya Instagram, imapereka kwa otsatsa malonda pa Reels amati musaike mawu kapena chizindikiro pa 14 peresenti ya pamwamba, 35 peresenti ya pansi ndi 6 peresenti mbali iliyonse. Malo ena ali ndi miyezo yawoyawo ndipo imasinthasintha, koma amenewa ndi manambala abwino kuyambirapo chifukwa amasiya mpata waukulu.

Tibwerere ku chitsanzo cha mu funso lachisanu ndi chimodzi. Mwa masentimita 124 aja, 17 apamwamba ndi 43 apansi ali pa ngozi. Otsala ndi pafupifupi 63, ndipo nkhope ndi chilichonse chimene munthu akusonyeza ziyenera kukhala mmenemo. Choncho siyani danga la masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa mutu, maso agwere penapake pakati pa kota ndi gawo limodzi mwa atatu kuchokera pamwamba. Ngati akuonetsa chinthu, auzeni achikweze chifike pachifuwa, osati pamiyendo, pomwe mawu ofotokoza adzachiphimba.

Kumbukiraninso kuti mafoni ambiri amakono ndi ataliatali kuposa 9:16. Ambiri ndi 9:19.5 kapena 9:20. Kuti adzaze sikirini, mapulogalamu ena amakulitsa vidiyo pang'ono n'kudya za m'mbali. N'chifukwa chake mawu ogunda m'mphepete amaoneka bwino pa kompyuta yanu koma n'kudulidwa pa foni ya mnzanu.

8. Ndinaphunzira kuti munthu asakhale pakati koma pa mzere umodzi wa magawo atatu aja. Kodi ndisiye?

Osati kwenikweni, koma dziwani chimene chimachitika. Chigawo chodulidwa pakati penipeni chimathera pafupi ndi mizere imeneyo. Munthu amene mwamuika pa mzere, mukadula pakati, amagawidwa pawiri: diso limodzi mkati, lina kunja. Ndi zimene zimachitika wina akangosintha fulemu mu pulogalamu osayang'ana.

Koma palibe lamulo loti chigawocho chichoke pakati. Mungachisunthe kupita kulikonse. Ngati munthu ali pa mzere wakumanzere wa fulemu ya 4K, pakati pake pali pa pikiselo 1280, ndiye chigawo chanu chiyambire pa 672. Chofunika n'chakuti danga la masentimita 70 lija likhalepo momuzungulira, lopanda theka la munthu wina kapena mwendo wa nyali.

Vuto lenileni ndi kumene akuyang'ana. Mu fulemu yogona, munthu woyang'ana cham'mbali kwa womufunsa amakhala ndi danga kutsogolo kwa nkhope, ndipo zimaoneka bwino. Mu yoimirira danga limenelo palibe. Mphuno imatsala pang'ono kugunda m'mphepete, ndipo amaoneka ngati akulankhula ndi khoma. Njira yake ndi kukhazika wofunsayo pafupi kwambiri ndi lenzi, phewa litatsala pang'ono kukhudza kamera, kapena kumuuza wolankhulayo kuti aziyang'ana mu lenzi momwe. Ngati amene adzadule vidiyoyo si inu, ikani munthu pakati. Simudziwa ngati winayo adzakhala ndi nthawi yosuntha chigawo pa chithunzi chilichonse.

9. Anthu akakhala awiri nditani?

Musayese kuwapanikiza m'chigawo chimodzi atakhala moyandikana. Anthu awiri ndi kampata pakati pawo amatenga mamita pafupifupi 1.2, ndipo kuti zimenezi zikwane mu 31.6 peresenti, fulemu yogona iyenera kupingasa mamita 3.8. Nkhope zimachepa mpaka munthu osaona kuti ndani akumwetulira.

Pali njira zitatu, ndipo iliyonse iyenera kusankhidwa musanajambule. Yoyamba ndi kudula wina aliyense payekha n'kumasintha molingana ndi amene akulankhula. Kuti zitheke, atalikirane mokwanira kuti phewa la mmodzi lisalowe m'chigawo cha mnzake. Zimenezi zimasemphana ndi chizolowezi chathu chowauza anthu kuti ayandikane kuti akwane pa chithunzi.

Yachiwiri ndi kuwasanjikiza, wina pamwamba wina pansi, aliyense m'bokosi la 1080 x 960. Kuchokera ku 4K, theka lililonse la fulemu lili ndi mapikiselo okwanira ndi otsala. Ndi njira yabwino pa zokambirana chifukwa oonera amaona nkhope ya womvetsera. Samalani ndi wam'munsiyo: nkhope yake ikwere ndithu m'bokosi lake, apo ayi iphimbidwa ndi zija tafotokoza mu funso lachisanu ndi chiwiri.

Yachitatu ndi kuwaimika wina kutsogolo wina kumbuyo, kamera ikuyang'ana podutsa pa phewa la mmodzi. Imeneyi ndi yokhayo imene imaoneka mwachibadwa m'mafulemu onse awiri popanda ntchito yambiri pambuyo pake.

10. Kodi kamera kapena munthu akamayenda zimasintha chiyani?

Kuyenda kopingasa ndi mdani wa chigawo choimirira. Munthu amene akudutsa fulemu yogona m'masekondi atatu amadutsa chigawocho m'sekondi imodzi yosakwana. Oonera pa foni amangoona chinthu chadutsa. Kamera yotembenuka kuchoka kumanzere kupita kumanja imaonekanso yothamanga kwambiri, ndipo kugwedezeka kwa manja kumakula chifukwa chithunzi chonse chakulitsidwa.

Ngati mungathe, sinthani njira ya woyendayo: abwere cholunjika ku kamera kapena azipita kutali nayo. Kuyenda kotere kumakhala pakati ndipo kumakwana ponse pawiri. Kamera ikamakwera kapena kutsika zimayendanso bwino. Ngati muyenera kutsata munthu chopingasa, msungeni pakati pa mizere nthawi yonse, ndipo tembenukani pang'onopang'ono kuposa mmene mukuonera kuti n'zoyenera.

Mungathenso kusiya kamera ili phee n'kudzayendetsa chigawocho pa kompyuta, monga tidzafotokozera mu funso la 14. Zimatheka pa zinthu zoyenda pang'onopang'ono. Pa zothamanga zimaoneka zachilendo, chifukwa munthu amene mukumutsatayo amatuluka mwachimbuuzi pamene kumbuyo kwake kuli kwakuthwa, zosiyana ndi zimene kamera yotsata munthu imatulutsa.

11. Ndimamva za `Open Gate`. N'chiyani, nanga imathandizadi?

Masensa ambiri a makamera si a 16:9 ayi. Ndi a 3:2 kapena 4:3. Pojambula vidiyo ya masiku onse, kamera imasiya mizere ya pamwamba ndi ya pansi pa sensa. `Open Gate` ndi kujambula ndi sensa yonse. Mwachitsanzo, Panasonic Lumix GH6 imajambula 5760 x 4320 pa 4:3, Fujifilm X-H2S imajambula 6240 x 4160 pa 3:2, ndipo GoPro HERO11 Black ya 2022 inabwera ndi sensa ya 8:7, yotsala pang'ono kufanana mbali zonse.

Imathandiza ndithu, ndipo chifukwa chake si kuchuluka kwa mapikiselo kokha. Fulemuyo ndi yaitali, choncho chigawo choimirira chimatenga gawo lalikulu la kupingasa: 37.5 peresenti pa 3:2, 42 pa 4:3, ndi 49 pa 8:7. Tengani chitsanzo chathu chija pa 4:3. Chigawo cha masentimita 70 x 124 tsopano chimachokera mu fulemu yopingasa masentimita 166 okha m'malo mwa 221. Vidiyo yogona imatenga kupingasa konseko ndi msinkhu wa masentimita 93. Munthu amakula bwino mu yogonayo musanayandikize n'komwe, pamene yoimirira imapeza danga lake pamwamba pa mutu ndi pansi kuchokera ku malo amene yogona siikuwagwiritsa ntchito.

Zovuta zake: mafayilo ndi aakulu ndipo kompyuta yofooka imavutika nawo, makamera ambiri salola mafulemu ochuluka pa sekondi mukasankha njirayi, ndipo popeza sensa imawerengedwa mzere ndi mzere kuchoka pamwamba, kuwerenga mizere yambiri kumatenga nthawi, choncho zinthu zoongoka zimapendekera mukatembenuza kamera mofulumira. Muyeneranso kuona mafulemu awiri pa sikirini nthawi imodzi. Maikolofoni yolendewera imene yabisala pamwamba pa 16:9 idzaonekera mu 9:16.

12. Bwanji ndingojambula choimirira pa 4K n'kudzadula yogona?

Mapikiselo amakwana: kuchokera ku 2160 x 3840 mumapeza 2160 x 1215, yoposa 1920 x 1080. Chimene sichikwana ndi chithunzicho. Ngati fulemu yoimirira ikupingasa masentimita 70, yogona yodulidwa mmenemo ndi 70 x 39, mutu ndi nsonga za mapewa basi, popanda mpata wosunthira kumbali. Kuti mupeze danga la masentimita 110 lija muyenera kujambula munthu yense kuyambira kumapazi.

Njirayi ndi yoyenera pokhapokha ngati vidiyo yoimirira ndiyo yaikulu ndipo yogonayo n'njongowonjezera. Kumbukiraninso kuti foni imasankha kuimirira kapena kugona pa nthawi imene mwadina batani loyambira. Kuitembenuza muli mkati mojambula sikusintha fulemu, kumangogoneka chithunzi cham'mbali.

13. Mawu olembedwa pa vidiyo ndiwaike liti?

Pomaliza, ndipo kawiri. Musawamatirire pa vidiyo yogona n'kudzadula pambuyo pake, chifukwa mzere wa mawu wopingasa fulemu yonse udzatsala ndi mawu awiri apakati okha. Sungani vidiyo imodzi yopanda mawu, dzina kapena chizindikiro, ndipo pa fulemu iliyonse mulembe mwatsopano. Mu yogona mawu amakhala m'munsi, m'mizere italiitali. Mu yoimirira amakwera kufika cha pachifuwa cha wolankhula, pamwamba pa 35 peresenti ija, m'mizere ifupiifupi ya mawu atatu kapena anayi ndi zilembo zazikulu.

Zolembedwa zimene zili pamalo pojambulira, monga chikwangwani kapena bolodi, simungazilembenso. Zikhale mkati mwa chigawo zonse, kapena kunja kwake zonse. Mawu odulidwa pakati amakoka maso kuposa nkhope ya wolankhula.

14. Pa kompyuta ndiyambire pati podula?

Malizani kaye vidiyo imodzi, makamaka yogona: kudula, mawu omveka, mitundu. Kenako koperani ntchito yonseyo, musinthe kukula kwa fulemu ya kopeyo kukhala 1080 x 1920. Pa chithunzi chilichonse cha 4K, `Scale` ya pafupifupi 89 peresenti ndi imene imadzaza msinkhu ndendende mu mapulogalamu ngati Premiere Pro, chifukwa 1920 ÷ 2160 ndi 0.889. Mukatero sunthani `Position` chopingasa mpaka munthu akhale pamene mukufuna. Ngati akusuntha, ikani chizindikiro cha malo poyambira ndi pothera kuti chigawo chimutsate, koma musatsate kugwedezeka kulikonse. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu pa chithunzi zimakwana.

Ngati ndi vidiyo ya 4K imene chigawo chake sichikufunika kusuntha, pulogalamu ya FFmpeg imadula ndi mzere umodzi:

```
ffmpeg -i yogona.mp4 -vf "crop=1216:2160:1312:0,scale=1080:1920,setsar=1" -c:a copy yoimirira.mp4
```

Taika 1216 m'malo mwa 1215 chifukwa mavidiyo ambiri amafuna manambala ogawika pawiri. Nambala yachitatu, 1312, ndi pamene chigawo chikuyambira kuchokera kumanzere, ndipo imeneyi imadula pakati. Kwa munthu wa pa mzere wakumanzere wa mu funso lachisanu ndi chitatu, ikani 672.

Musanatumize kwa anthu, ioneni pa foni, mkati mwa pulogalamu imene ikupitako. Sikirini ya kompyuta sionetsa mabatani.

15. Kodi n'kulakwa kungoika vidiyo yogona yonse pakati, mizere yakuda pamwamba ndi pansi?

Si kulakwa, koma masamu aja amabweranso: vidiyoyo imakhala 1080 x 608 pa sikirini ya 1080 x 1920, yomwe ndi 31.6 peresenti yomweyo. Pa chithunzi chimodzi chimene sichingadulidwe, monga gulu lonse la anthu kapena malo otambalala, n'zomveka kuchita zimenezi kwa masekondi ochepa. Pa vidiyo yonse, ndi bwino kudula 1:1 kapena 4:5 n'kugwiritsa ntchito danga lotsala pamwamba polemba mutu wa nkhani. Kudzaza mpatawo ndi chithunzi chomwecho chachimbuuzi sikukulitsa nkhope ya munthu, kumangowonjezera zinthu zoyendayenda m'maso.

16. Ndi liti pamene ndi bwino kungojambula kawiri?

Nthawi iliyonse imene chinthucho chingabwerezedwe mosavuta. Chithunzi cha katundu, manja akugwira ntchito, khomo la nyumba, zonsezi zimatenga mphindi imodzi kutembenuza kamera n'kujambulanso, ndipo chotuluka chimaposa chilichonse chodulidwa. Zithunzi zapafupi kwambiri ndi zimene zimafunikiradi zimenezi: nkhope yodzaza fulemu yogona, mukaidula, mumatsala ndi mphuno ndi theka la diso lililonse.

Zimene sizingabwerezedwe, monga kuyankhula kwa pa mwambo, masewera kapena kufunsa munthu mafunso, ndi zimene muyenera kujambula motakasuka monga mu funso lachisanu ndi chimodzi. Ngati muli ndi kamera ndi foni, imikani foniyo pafupi kwambiri ndi lenzi ya kamera, kuti maso a wolankhula asaoneke akuyang'ana kwina pa imodzi mwa ziwirizo. Ziikeni pa mafulemu ofanana pa sekondi, zonse 25 kapena zonse 30, ndipo muwombe m'manja kamodzi zonse zikujambula kuti podzalumikiza mawu mupeze poyambira.